Makala, Mafuta ndi Sopo: Kuonetsa Mwana Litsiro Losaoneka

Mwana wa zaka zinayi akauzidwa kuti akasambe m'manja asanamwe phala, amayamba watambasula zikhatho n'kuziyang'ana. Akapanda kuona matope, kwa iye nkhani yatha, m'manja ndi moyera. Sikuti akuchita mwano. Akuweruza ndi maso, monga amachitira pa chinthu china chilichonse. Ndiye mlezi wa pa sukulu ya mkombaphala kapena mphunzitsi wa Sitandade 1 ali ndi ntchito yolemera: kumukhulupiritsa kuti pa khungu looneka loyeralo pali zamoyo zimene sangazione, ndiponso kuti zamoyozo zikhoza kumutsegula m'mimba.

Akuluakulu ophunzira nawonso zinawavuta kumeza. Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa ku Delft m'dziko la Netherlands, anaona tizilombo timeneti ndi magalasi ake okulitsa zinthu m'zaka za m'ma 1670, koma panapita zaka pafupifupi 200 anthu asanavomereze kuti timayambitsa matenda. Mu 1847 dokotala Ignaz Semmelweis wa pa chipatala chachikulu cha ku Vienna analamula anzake kuti azisamba m'manja ndi madzi a kolorini asanakhudze amayi obereka. M'mwezi wa Epulo chaka chimenecho amayi 18 pa 100 alionse anali atamwalira m'chipinda chake. Miyezi yotsatira imfa zinatsika kufika pa amayi awiri kapena mmodzi pa 100. Komabe madokotala ambiri anakana malangizo ake. Ngati madokotala anakakamira chonchi, mwana woti zaka zake n'zowerengeka ndi zala za dzanja limodzi sangagonje ndi mawu okha.

Kuchepa kwa tizilomboti n'kosayerekezeka. Kachilombo ka bakiteriya kamene kamapezeka m'chimbudzi cha munthu, tikatindandika 500 pamzere, m'pamene timakwana milimita imodzi, kampata kakang'ono kwambiri ka pa lula. Mavairasi ndiye ochepa kuposa pamenepo. M'dziko la Malawi anthu anaona posachedwapa zimene tinthu totere tingachite. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Kolera amayenda kwambiri m'madzi ndi m'zakudya, choncho kusamba m'manja pakokha sikungamuthetse. Koma dzanja ndi limene limatunga madzi, kugwira kapu ndi kutema nsima.

Mbale imene inatchuka

Mu Malichi 2020, Covid-19 atangobuka, kakanema ka mphunzitsi wina wa ana aang'ono wa ku Miami, ku America, kanazungulira dziko lonse pa mafoni. Anathira madzi m'mbale, n'kuwaza pamwamba pake tsabola wakuda wopera uja amagulitsa m'timabotolo. Anauza ana kuti timadontho takudato ndi tizilombo. Mwana atapisa chala, timadontho tinakangamira kuchalako. Atachipaka sopo n'kupisanso, tsabola yense anabalalika kuthawira m'mphepete mwa mbale, pakati n'kutsala madzi okhaokha. Ana anafuula ndi kudabwa, ndipo chiyambire nthawiyo aphunzitsi ambiri akhala akuchita zomwezo.

Chionetserochi n'chokoma kuonera ndipo n'chosavuta. Chimafuna mbale yoyera yosazama, madzi ozizira ndi kadontho ka sopo. Vuto lake ndi lakuti chimene ana amaona si chimene chimachitika m'manja. Pamwamba pa madzi pamakhala ngati pakokedwa mbali zonse, chifukwa tizigawo ta madzi timagwirana. N'chifukwa chake tizilombo tina timayenda pamwamba pa dziwe osamira. Sopo akagwera pakati, amafooketsa kugwirana kuja pamalo pomwepo, madzi a m'mbali n'kukokera kwawo, ndipo tsabola amangotengedwa. Palibe chimene chathawa. Majeremusi enieni alibe mantha ndi sopo, ndipo amene ali m'zikhadabo amakhala phee mpaka wina awatikite ndi kuwatsukuluza.

Mwana amene waonera mbaleyi akhoza kutolapo nzeru yolakwika, yakuti kungokhudza sopo ndi nsonga ya chala kwakwanira. Mlezi amene waona ana akugunda sopo n'kuthamangira kumzere wa phala adziwe kuti phunziro linathera pamenepo.

Pali zinanso zofunika kusamala nazo. Kuno munthu akati tsabola, ambiri amaganiza za wowawa uja, kambuzi kapena wofiira wosinja. Ameneyo asayandikire m'kalasi, chifukwa chala chopisa m'mbale chimathera m'maso. Fumbi la masamba a tiyi limayandama bwino ndipo limagwira ntchito yomweyo. Chinanso, chionetserochi chimatheka kamodzi kokha pa madzi amodzi. Sopo akalowa, madziwo atha ntchito, ndipo mbale yosatsukuluzidwa bwino imachititsa manyazi mphunzitsi pamaso pa ana, chala chili m'madzi koma fumbi osasuntha. Wofuna kuigwiritsa ntchito mbaleyi aitenge ngati poyambira pokopa maso, mphindi ziwiri basi, kenako apite ku chionetsero chimene chimanena zoona.

Moni wa makala

Chionetsero chabwinopo chimafuna zinthu zopezeka pakhomo paliponse, zimene aphunzitsi amazitcha TALULAR: kasupuni kamodzi ka mafuta ophikira, kachidutswa ka khala kosinjidwa mpaka kukhala ufa wosalala, mapepala oyera atatu kapena anayi, jagi ya madzi, beseni lolandirira madzi akuda ndi sopo wamba. M'mayiko ena amagwiritsa ntchito tinthu tonyezimira ta m'sitolo, kapena mafuta apadera amene amawala pa nyali ya mtundu wake. Makala amachita zomwezo popanda kulowa m'thumba. Asefedwe kuti pasakhale timiyala tokanda khungu, ndipo akhale ozizira, osati ongophulidwa kumene pambaula.

Mlezi amasakaniza mafuta ndi makalawo m'kachivindikiro, n'kudzipaka yekha m'zikhatho ana asanalowe, pang'ono chabe. Ana akakhala pansi mozungulira, amapita kwa mmodzi n'kumupatsa moni wa m'manja, wogwirana bwinobwino. Kenako amauza mwanayo kuti apatse moni mnzake woyandikana naye, mnzakeyo apatsenso wina, mpaka ana anayi kapena asanu. Akatha amati, "Ana inu, tambasulani manja tione." Woyamba uja m'manja muli bii. Wachiwiri muli mawanga. Wachinayi amafunika kuyang'anitsitsa, koma m'mizere ya chikhatho muli kakuda ndithu. Funso lofunika kufunsa pamenepa ndi lakuti, "Kodi mnzathuyu anagwira makala?" Ana amayankha kuti ayi. "Nanga zakudazi zafika bwanji kwa iye?" Yankho lichokere kwa anawo, ngakhale litenge kanthawi.

Pamene akukambirana, mlezi amachita ngati waiwala. Amagwira kapu yomwera madzi, amatsegula chitseko, amanyamula chidole, amadzikanda pamphuno. Sipatenga nthawi, wina amakuwa kuti aphunzitsi adzidetsa kumaso, kalasi lonse n'kufa nalo phwete. Kuseka kumeneko n'kwaphindu. Mlezi amawatuma kuti asake paliponse pamene makala afika, ndipo amapeza chidindo cha chala pakapu, pachitseko, pachidole. Apa m'pamene amatchula dzina: majeremusi, kapena kuti tizilombo toyambitsa matenda, timayenda chonchi, kuchoka kuchimbudzi kupita padzanja, padzanja kupita pakapu, pakapu kulowa m'kamwa mwa wina.

Mawu akuti tizilombo ali ndi msampha wake. Mwana akawamva amaganiza za nyerere, mphemvu kapena nsikidzi, ndipo amayang'ana m'manja kuti aone ngati china chikukwawa. Ena amachita mantha mpaka kulira. Mlezi anene momveka kuti timeneti sitiluma ndipo sitioneka, timangodwalitsa m'mimba tikalowa m'kamwa, ndipo mwanayo ali ndi mphamvu yotichotsa yekha.

Gawo lachiwiri ndi limene lili mtima wa phunziro. Ana atatu amabwera kutsogolo, aliyense n'kupakidwa kadontho ka mafuta amakala aja, n'kutikita manja mpaka kuseri ndi pakati pa zala. Woyamba amangopukutira m'pepala osasamba. Wachiwiri amathiriridwa madzi okha, mwachangu, monga ambiri amachitira akamva fungo la ndiwo. Wachitatu amanyowetsa manja, kupaka sopo, kutikita pamene anzake akuwerenga mokweza mpaka 20, n'kutsukuluza ndi madzi othiridwa kuchokera m'jagi. Wachiwiri ndi wachitatu akagwedeza manja kuti aume, aliyense amadinda chikhatho pa pepala lake loyera, ndipo mapepala atatuwo amaikidwa moyandikana.

Pepala loyamba ndi lakuda, palibe wodabwa. Lachitatu ndi loyera kapena lotsala pang'ono. Lodabwitsa ndi lachiwiri, chifukwa mwanayo anasamba anzake akuona, koma chikhatho chonse chadindika. Madzi anangotsetsereka pamwamba pa mafuta, makala n'kutsala. Ndipo mwana wachitatu uja akayang'anidwa bwino, kawirikawiri amapezeka ndi kakuda m'mbali mwa zikhadabo, patsinde pa chala chachikulu kapena kuseri kwa dzanja. Zimenezi sizolakwika, n'zofunika. Malo amenewo ndi omwe ngakhale anamwino amakumbutsidwa kuti asawadumphe, ndipo mwana akawaona yekha sadzafuna kuloweza mndandanda.

Mafuta aja sanaikidwemo pofuna kuvutitsa ana. Khungu la munthu limatulutsa mafuta akeake, ndipo litsiro ndi majeremusi zimamatirira m'menemo. Madzi ndi mafuta sizigwirizana. Kachigawo kalikonse ka sopo kali ndi mbali ziwiri, ina yogwira mafuta, ina yogwira madzi, moti sopo amazinga timadontho ta mafutawo n'kutinyamula, madzi othiridwa n'kutikokolola. Kutikita kumathandiza kumasula zimene zabisala m'makwinya a khungu. Mavairasi ena okhala ndi chikuto cha mafuta, monga ka Covid-19, sopo amawaphwasuliratu, koma ntchito yake yaikulu ndi kuchotsa, osati kupha. Choncho mawu oyenera kuuza ana ndi akuti sopo amamasula, madzi amatenga.

Mapepala atatuwa ali ndi mnzake m'kafukufuku weniweni. Mu 2011 akatswiri a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine anasindikiza zotsatira za kuyesa kumene anachita potuma anthu kukagwira zitseko ndi zogwirira m'malo opezeka anthu ambiri, kenako n'kuyeza m'manja mwawo. Mwa osasamba, mabakiteriya ochokera m'chimbudzi anapezeka pa maulendo 44 mwa 100 alionse. Mwa osamba ndi madzi okha anapezeka pa maulendo 23, ndipo mwa osamba ndi sopo pa maulendo 8. Madzi okha amathandiza ndithu, ndipo mwana asauzidwe kuti popanda sopo asasambe n'komwe, koma amasiya zambiri. Za mtundu wa sopo, kafukufuku amene anachitika m'makomboni a ku Karachi, ku Pakistan, n'kusindikizidwa mu 2005, anapeza kuti m'mabanja amene anapatsidwa sopo ndi kulimbikitsidwa kusamba m'manja, matenda otsegula m'mimba ndi chibayo mwa ana anatsika ndi pafupifupi theka, ndipo sopo wamba anagwira ntchito mofanana ndi wamankhwala opha mabakiteriya. Sopo wochapira wa mtanda uja, wodula pa mpeni kugolosale, ndi wokwanira.

Makala nawonso ali ndi bodza lawo, ndipo mlezi wochenjera amalitseka phunziro lisanathe. Makala amaoneka, majeremusi saoneka. Mwana akhoza kuchoka akuganiza kuti kusamba n'kwa pamene m'manja mwada, kumene kuli kubwerera pomwe anayambira. Mankhwala ake ndi mphuno. Mlezi amapatsa mwana mmodzi kausipa kouma kapena kachidutswa ka anyezi kuti afikise m'zala, kenako amupukute mpaka m'manja muoneke mbee. Anzake amayang'ana n'kuvomereza kuti ndi moyera. Akanunkhiza, nkhope zimakwinyika. Chinthu chilipo, chikumveka, koma maso sakuchiona. Akasamba ndi madzi okha fungo limatsalabe, ndipo ndi sopo limachepa kwambiri. Majeremusi alibe ngakhale fungo, koma mwana wafika pamene angavomereze kuti maso ake sanena zonse.

Zonsezi zimatha m'mphindi 20 kapena kucheperapo, ndipo kwa ana a zaka zitatu mpaka zisanu kupitirira pamenepo n'kudzivutitsa. Ndi bwino kugawa, moni wa makala lero, mapepala atatu mawa, usipa mkuja. Aliyense amene wagwira makala asambe ndi sopo pomaliza, ndipo mwana wa chilonda kapena zidzolo m'manja akhale wowerenga, osati wopakidwa. Kuwerenga mpaka 20 kumavuta ana amene sanafikeko, ndiye kanyimbo kalikonse kakafupi kamene amakadziwa kale, koimbidwa kawiri, kamakwanira. Mlezi akayeze yekha ndi wotchi ya pafoni, chifukwa ana akakhala ndi njala nyimbo imathamanga.

Tchati cha pakhoma

Matchati ambiri a zaumoyo amene amapezeka m'sukulu analembedwera akuluakulu. Ali ndi mizere ya mawu, nthawi zina m'Chingerezi, ndi zithunzi za mpopi wonyezimira ndi thaulo loyera, zinthu zimene mwana wa kumudzi sanazionepo. Tchati cha bungwe la WHO chosonyeza kasambidwe ka m'manja chili ndi masitepe oposa khumi, ndipo chinakonzedwera ogwira ntchito m'chipatala. Kwa mwana wosadziwa kuwerenga, chimenecho ndi chokongoletsa khoma.

Tchati cha ana aang'ono chikwane ndi zithunzi zisanu zazikulu zondandalikidwa kuchokera kumanzere kupita kumanja: manja akunyowetsedwa, manja akupakidwa sopo, manja ali thovu lokhalokha akutikitidwa, manja akutsukuluzidwa ndi madzi oyenda, manja akugwedezedwa m'mwamba kuti aume. Pansi pa chithunzi chilichonse pakhale liwu limodzi la zilembo zikuluzikulu: nyowetsa, paka, tikita, tsukuluza, umitsa. Mawuwo ndi a mlezi ndi makolo, komanso amathandiza amene ayamba kuzindikira zilembo. Zojambulidwazo zifanane ndi zimene zili panja. Ngati ana amasamba pa chigubu, pajambulidwe chigubu, ndipo sopo akhale wa mtundu ndi maonekedwe amene amawadziwa.

Chithunzi chomaliza chija chili ndi chifukwa chake. Nsalu imodzi yopukutira kalasi lonse imanyowa n'kusanduka malo ogawirana majeremusi, ndipo yunifolomu imene yakhala ikugubuduzika pafumbi m'mawa wonse siposa pamenepo. Pomwe palibe chopukutira choyera cha aliyense, kuumitsa ndi mphepo ndiye njira, ndipo ana amakukonda chifukwa kumakhala ngati gule.

Mbali yachiwiri ya tchati ndi dzanja lalikulu. Mlezi amajambula mozungulira dzanja la mwana mmodzi, kapena lake, pa katoni, ndipo ana eni ake amaika timadontho pamalo pamene makala anakanirira: m'zikhadabo, pakati pa zala, pachala chachikulu, kuseri. Mapepala atatu odindidwa aja akhoza kumatidwa pambali pake. Tchati choterechi chimaposa chosindikizidwa kutauni, chifukwa mwana akachiona amakumbukira tsiku limene zinachitika ndiponso mnzake amene anadinda. Majeremusiwo asajambulidwe ngati zilombo za mano ndi nyanga. Timadontho n'tokwanira, ndipo n'toyandikira choonadi.

Za nthawi yosambira, alangizi a zaumoyo amatchula zingapo: pochoka kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanakonze chakudya, musanadye, musanadyetse mwana. Zambiri mwa izo ndi za amayi ndi abambo. Mwana wa mkombaphala apatsidwe ziwiri zokha, pochoka kuchimbudzi ndi asanadye, chithunzi cha chimbudzi ndi chithunzi cha mbale ya phala. Zina adzawonjezera akakula.

Kumene tchati chapachikidwa n'kofunika kuposa kukongola kwake. Chambiri chimathera pamwamba pa bolodi, kumene mutu wa mwana sufika ndiponso kumene kulibe madzi. Malo ake ndi pomwe pali sopo, pa msinkhu wa maso a mwana, chitakutidwa ndi pulasitiki yoonekera kuti mvula isachiwononge, kapena kungojambulidwa ndi penti pakhoma la chimbudzi. Ku Bangladesh ofufuza anayesa zimenezi pa sukulu ziwiri za pulayimale za kumudzi, n'kusindikiza zotsatira mu 2016. Sanaphunzitse ana chilichonse. Anakonza posambira m'manja ndi kanjira kochoka kuchimbudzi kupita pamenepo, n'kupentapo mapazi owala, ndi zikhatho posambirapo. Poyamba ana 4 okha pa 100 ndiwo ankasamba ndi sopo pochoka kuchimbudzi. Patapita masabata asanu ndi limodzi anali 74 pa 100. Sukulu ziwiri n'zochepa kuti munthu amangirepo lamulo, koma mtengo wa kachitini ka penti ndi wochepanso, ndipo miyala yopakidwa laimu ikhoza kulowa m'malo mwa mapaziwo.

Mzere wa pa mpondagiya

Phunziro likhoza kukhala labwino, tchati n'kukhala chowala, zonse n'kufera pa chigubu chouma. Chipangizo chofala m'sukulu ndi m'midzi ndi mpondagiya: chigubu cha malita asanu chobooledwa kabowo ndi msomali wotentha, chopachikidwa pa mtengo wopingasa, chomangidwa chingwe chofika pa kamtengo kopondapo. Mwana akaponda, chigubu chimapendama, madzi n'kutuluka pang'onopang'ono, ndipo dzanja lakuda siligwira paliponse. Nzeruyi inayambira ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1980, ndipo poyamba ankagwiritsa ntchito chipanda. Cholakwika chofala n'chakuti amamanga ndi abambo, pa msinkhu wawo. Mwana wa zaka zinayi amakweza manja m'mwamba, madzi akuda n'kutsikira m'zigongono ndi m'malaya. Kabowo kakhale pafupi ndi m'chiuno kapena pamimba pa mwana, ndipo pansi pakumbidwe kadzenje kodzaza timiyala kuti pasachite chithaphwi.

Pali masamu amene okonza maphunzirowa amaiwala. Kunyowetsa, kutikita masekondi 20 ndi kutsukuluza kumatenga theka la mphindi pa mwana mmodzi, akafulumira. Kalasi la ana 80, limene si lachilendo m'sukulu za boma, lingafune mphindi 40 pa mpondagiya mmodzi. Phala likhala litazizira, ndipo a kumapeto kwa mzere adzakhala atazemba kalekale. Zigubu zinayi zimatsitsa nthawiyo kufika pa mphindi khumi. Njira ina ndi kugawa ntchito, gulu loyamba linyowetse ndi kupaka sopo, lipatuke kukatikita likuimba pamene lachiwiri likunyowetsa, kenako libwerere kudzatsukuluza.

Sopo nayenso amasowa. Mbuzi zimadya, mvula imasungunula, wina amalowa m'thumba la munthu. Kumuboola pakati n'kumumangirira chingwe, ndi kumuvindikira ndi botolo lapulasitiki lodulidwa, kumathandiza. Ofufuza a ku Bangladesh anapezanso kuti magalamu 30 a sopo waufa osungunulidwa m'botolo la lita imodzi ndi theka amapanga madzi asopo oyeretsa m'manja mofanana ndi sopo wa mtanda, ndipo botolo lotero, lobooledwa pachivindikiro, palibe amalisirira. Lilembedwe chizindikiro ndi kumangiriridwa, kuti mwana asaliyese madzi akumwa. Phulusa ndi limene amalangiza pomwe sopo palibiretu. Limathandiza kukhula, koma umboni wa mphamvu yake ndi wochepa poyerekeza ndi wa sopo, ndipo liyenera kukhala lozizira, losefedwa, losungidwa pomwe nkhuku ndi agalu safika.

Kunyumba mwana amakumana ndi china. M'mabanja ambiri beseni limodzi limazungulira nsima isanadyedwe, kuyambira kwa abambo kapena alendo, kutsika ndi msinkhu, ndipo wamng'ono kwambiri, yemwe ndi wosachedwa kudwala, amasamba m'madzi amene onse asiyamo zawo. Chionetsero cha makala chimaulula zimenezi mosavuta. Ana asanu opakidwa makala akasamba motsatana m'beseni limodzi, wachisanu ndi chimodzi, amene m'manja mwake munali moyera, amatulutsamo manja otuwa. Koma mwana sangadzudzule agogo ake pamphasa, ndipo mlezi asamutume kutero. Chionetsero chimenechi n'choyenera pa msonkhano wa makolo. Ulemu wa mwambowo sutayika, chifukwa mwana akhoza kugwada ndi jagi n'kuthirira akulu mmodzimmodzi, beseni lili pansi kulandira madzi akuda, monga mabanja ambiri ayamba kale kuchitira.

Kuti mlezi adziwe ngati phunziro lagwira, kufunsa ana sikuthandiza. Onse adzayankha mokweza kuti amasamba, ndipo pa 15 Okutobala, tsiku lokumbukira kusamba m'manja padziko lonse limene linayamba mu 2008, adzaimba bwino pamaso pa alendo. Ngakhale akuluakulu amasamba kwambiri akadziwa kuti wina akuwayang'ana. Zizindikiro zodalirika zili pa mpondagiya pomwe. Pansi pake pakhale ponyowa nthawi yopuma ikatha. Madzi m'chigubu akhale atatsika pofika masana, ndipo kamzere kolembedwa pachigubupo m'mawa kamasonyeza kuchuluka kwake. Sopo achepe sabata ndi sabata, chifukwa amene akadali ndi ngodya zake zakuthwa patatha mwezi sakugwiridwa. Mlezi akhozanso kukhala chapatali ngati akuchita zina, n'kuwerenga mwakachetechete ana khumi oyamba kutuluka m'chimbudzi, angati apita kuchigubu, angati agwira sopo. Chiwerengerocho chikayamba kutsika, zimene zimachitika kawirikawiri ana akabwera kutchuthi, makala asinjidwenso, ndipo ulendo uno opaka anzawo ndi kufunsa mafunso akhale ana okulirapo amene anaona chionetserocho teremu yatha.